Kuikira Kumbuyo Pempho la Mnzako Lolipirira Kuchipatala

Pempho la thandizo lolipirira kuchipatala limayambira pabanja la wodwala, koma nthawi zambiri amene amalifikitsa kwa anthu ndi mnzake wa banjalo. Abale akanena kuti m'bale wawo akufunika opaleshoni ndipo ndalama zawachepera, amene amamva ndi okhawo owadziwa kale. Kuti uthengawo ufike kwa anthu a kuntchito, a kutchalitchi, a kumsika ndi a kunja kwa dziko, pamafunika wina woti anene kuti anthuwa akuwadziwa, nkhaniyi ndi yoona, ndipo iye mwini waperekapo kale. Mawu amenewa ndi umboni, ndipo woyankhulayo amakhala akubwereketsa dzina lake kwa banja limene ena sakulidziwa. Anthu akapereka, amapereka chifukwa chokhulupirira iyeyo, choncho udindo wake sutha akangomaliza kuyankhula.

Munthu wofuna kuikira kumbuyo pempho lotere amayenera kudziwa kaye kumene ndalama za matenda zimapita. M'Malawi muno zipatala za boma, kuphatikizapo zazikulu zija za Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu, zimathandiza odwala kwaulere, kupatula m'mawodi olipira. N'chifukwa chake ena akamva pempho amafunsa msanga kuti ndalamazo n'za chiyani popeza chipatala n'chaulere. Funsoli si lamwano ndipo limafuna yankho. Nthawi zina mankhwala amakhala atatha ndipo banja limauzidwa kukagula kufamase. Nthawi zina makina ojambulira m'thupi amakhala atawonongeka ndipo wodwala amakajambulidwa kuchipatala cholipira. Pali thiransipoti yochokera kumudzi, chakudya cha wodwazika matenda amene akugona pachipatala milungu ingapo, ndi ana otsala kunyumba pamene mwini geni wagona. Zipatala za mishoni, zimene zili pansi pa bungwe la CHAM, zimalipiritsa, ngakhale kuti pa chithandizo china, makamaka cha amayi oyembekezera ndi ana, zambiri zili pa mgwirizano ndi boma woti anthu asamalipire. Zipatala zimene si za boma kapena za mishoni zimafuna dipoziti wodwala asanalowe m'chipinda cha opaleshoni. Ngakhale amene ali pa ndondomeko yolipiriratu chithandizo, monga ya MASM, amapeza kuti ndondomekoyo ili ndi malire ake ndipo zotsalazo n'zawo.

Mapempho aakulu kwambiri ndi a odwala ofunika kupita kunja, kawirikawiri ku India, South Africa, Tanzania kapena Zambia. Boma limatumiza odwala ena kunja kudzera ku unduna wa zaumoyo, koma mzere wa odikira ndi wautali, ndipo mabanja ambiri amasankha kudziyendera okha. Pamenepa bilu imabwera m'madola, ndipo pamwamba pake pamakhala matikiti a ndege a anthu awiri, mapasipoti, viza ndi malo ogona. Mtengo wa m'makwacha sukhazikika. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo aliyense amene anali atasonkhanitsa makwacha olipirira bilu ya m'madola anadzuka m'mawa ndalama zake zisakukwananso. Woikira kumbuyo pempho la mtundu umenewu amachita bwino kutchula mtengowo m'madola ndi m'makwacha momwe, komanso tsiku limene anawerengera, kuti chiwerengero chikasintha anthu asaganize kuti banja layamba kuwonjezera zake.

Asanatsegule pakamwa

Ntchito yoyamba ya mnzake wa banja ndi kupempha chilolezo. Matenda ndi chinsinsi cha mwini wake. Wodwala amene akutha kuyankhula ndiye ayenera kunena zimene zingaululidwe ndi zimene zisatuluke m'nyumba, ndipo ngati sangathe kuyankhula kapena ndi mwana, amanena ndi amene akumusamalira. Ambiri amavomera kuti anthu adziwe zoti akufunika opaleshoni koma safuna kuti dzina la nthenda litchulidwe, makamaka ikakhala ya ziwalo zobisika, ya maganizo kapena yokhudzana ndi HIV. Pempho limayenda bwinobwino popanda dzina la nthenda. Kunena kuti madokotala apeza chotupa chofunika kuchotsa mwezi uno n'kokwanira kwa munthu wofuna kuthandiza.

Nkhani ya zithunzi ndi yofunika kuiganizira mofatsa. Pali chikhulupiriro chakuti chithunzi cha bala, cha mimba yotupa kapena cha munthu ali pamachubu ndicho chimatulutsa ndalama m'matumba. N'zoona kuti chimagwedeza mtima, koma mtengo wake amalipira ndi wodwala. Chithunzi chikalowa m'mafoni a anthu sichibwezedwa. Mwana amene anajambulidwa ali maliseche pabedi la chipatala adzakula n'kuchipeza chikuyendabe, ndipo akuba amatenga zithunzi zoterezi n'kuikapo nambala zawo. Chithunzi cha munthuyo ali bwino, atavala zovala zake za tsiku ndi tsiku, chimakumbutsa anthu amene akumuthandiza ndipo sichimuchotsera ulemu.

Chachiwiri ndi kuona zikalata ndi maso. Izi zimavuta pakati pa anthu okondana, chifukwa kupempha mnzako kalata ya dokotala pamene mkazi wake ali gone kumaoneka ngati kumukayikira. Njira yabwino ndi kunena chifukwa chake poyera: "Achimwene, anthu akandifunsa ndikufuna ndiziyankha kuti ndaona ndekha." Zofunika kuona ndi kabuku ka kuchipatala kapena kalata yotumiza wodwala kuchipatala china, ndi pepala la mtengo lochokera ku ofesi ya zachuma ya chipatalacho, lokhala ndi dzina la wodwala, tsiku ndi chidindo. Kukazonda wodwalayo kumaposa zonsezi. Munthu amene wakhala pambali pa bedi n'kucheza ndi wodwazika amayankhula mosiyana ndi amene wangomva pafoni, ndipo omvera amazindikira kusiyanako.

Pomaliza amayenera kudziwa kumene ndalama zikalowe. Njira yodalirika kuposa zonse, makamaka pa ndalama zambiri, ndi kulipira mwachindunji ku akaunti ya chipatala, potchula dzina kapena nambala ya wodwala. Koma ambiri amapereka pang'onopang'ono kudzera pa Airtel Money ndi TNM Mpamba, ndipo pamafunika nambala imodzi pa kampani iliyonse, osati manambala 5 a abale osiyanasiyana. Dzina limene nambalayo inalembetsedwa liyenera kunenedwa pamodzi ndi nambalayo, ndipo likhale la munthu amene ubale wake ndi wodwala wafotokozedwa. Wotumiza akaona dzina lachilendo pafoni yake amasiya pomwepo, ndipo amachita bwino kutero. Ndi bwinonso kuti wosunga ndalama asakhale yekha: mmodzi azisunga foni, wina azilemba m'kope, ndipo awiriwa asakhale a nyumba imodzi. Woikira kumbuyo pempho asalole kuti ndalama zizilowa pa nambala yake yomwe amachitiranso geni, chifukwa zikasakanikirana ngakhale munthu wokhulupirika amalephera kufotokoza.

Mawu enieniwo

Mawu othandizira pempho amagwira ntchito akakhala ndi zinthu zochepa koma zogwirika. Amayamba ndi ubale wa woyankhula ndi wodwala, chifukwa ndiwo maziko a umboni wonse. Kenako amanena chimene chikufunika, ndalama zimene banja lapeza kale, zimene zatsala, ndi tsiku limene zikufunika. Amatchula zimene woyankhulayo waona ndi zimene wapereka. Amamaliza ndi njira yotumizira ndi lonjezo la tsiku limene anthu adzauzidwe mmene zayendera.

Chitsanzo chingathandize, ndipo ziwerengero zake n'zongoyerekezera. Mayi wina wogulitsa kaunjika akufunika opaleshoni yochotsa chotupa pachipatala cha mishoni. Chipatala chalemba kuti opaleshoni, mankhwala ndi masiku ogona zidzakwana K1,500,000. Banja lawerengera kuti thiransipoti, chakudya cha wodwazika ndi ulendo wodzaonanso dokotala zidzadya K300,000. Zonse pamodzi ndi K1,800,000. Mwamuna wake wagulitsa mbuzi ndipo abale asonkha, mpaka zakwana K600,000. Zatsala K1,200,000, ndipo dokotala wapereka tsiku pakatha milungu 3.

Mnzake wa mayiyu, amene amaimba naye kwaya, akhoza kuima pamsonkhano wa amayi n'kunena motere: "Amayi anzanga, mayi awa ndakhala nawo m'kwaya zaka zambiri, ndipo ambiri mwa inu munagulapo zovala pa benchi yawo. Lachiwiri ndinapita kukawaona, ndipo pepala la kuchipatala ndaliwerenga ndekha. Pakufunika K1,800,000. Apabanja apeza K600,000, ndiye zatsala K1,200,000 pofika pa 20 mwezi uno. Ine ndapereka K20,000. Amene angathe K5,000 kapena K2,000 asachite manyazi, zonse tikulemba m'kope. Ndalama akusunga ndi achemwali awo, ine ndikulemba, ndipo Lamulungu lililonse ndizikuuzani pamene tafika."

Mawu amenewa alibe chiganizo chopempha chisoni, komabe ali ndi zonse zimene munthu amafuna asanatulutse ndalama. Kutchula K600,000 ya banja kumayankha funso limene ambiri amakhala nalo mumtima koma salinena, lakuti kodi abale ake achitapo chiyani. Anthu amathandiza mosavuta banja limene layamba ladzithandiza lokha. Kutchula tsiku kumachotsa maganizo akuti ndidzapereka mwezi ukatha. Ndipo kutchula K20,000 yake kumasonyeza kuti woyankhulayo sakutuma ena kumene iye sanapondeko.

Pa mfundo yomalizayi anthu amasiyana maganizo. Ena amaona kuti kutchula zimene wapereka ndi kudzitama, ndipo ali ndi zifukwa za chikhulupiriro zomveka. Amene akumva choncho akhoza kungonena kuti wapereka kale mbali yake, osatchula chiwerengero. Chimene sichiyenera ndi kulimbikitsa ena munthu usanapereke kalikonse, kapena kutchula ndalama imene sunapereke pofuna kukopa anthu. Bodza lotere limaululika tsiku lowerengera, pamene za m'kope zikusiyana ndi za m'foni. Amene alibiretu ndalama anene zimene wachita m'malo mwake, kaya wagona kuchipatala usiku umodzi kuti wodwazika apume, kaya akusunga ana. Umenewonso ndi umboni.

Palinso chiwerengero chimene woyankhula amatchula monga poyambira. Akangonena kuti aliyense apereke zimene angathe, ambiri sadziwa kuti zoyenera ndi zingati, ndipo poopa kuchepetsa amangokhala chete. Akatchula ndalama yaikulu yokha, osauka amadziona kuti nkhaniyi si yawo. Kutchula ndalama yaing'ono n'kunena poyera kuti ndi yolandirika kumatsegula khomo kwa anthu ambiri, ndipo amene ali nazo zambiri amapereka zambiri ndithu popanda kuuzidwa.

Kugawa chiwerengero ndi kufikira anthu

K1,200,000 ikatchulidwa yonse pamodzi imafooketsa munthu amene ali ndi K5,000 m'thumba. Ikagawidwa imaoneka yotheka. Pa chitsanzo chija, anthu 4 opereka K100,000 aliyense abweretsa K400,000. Anthu 10 opereka K30,000 abweretsa K300,000, anthu 30 opereka K10,000 abweretsanso K300,000, ndipo anthu 40 opereka K5,000 atseka ndi K200,000. Onse pamodzi ndi anthu 84. Kuwerengera kotere kumaonetsa chinthu chimene ambiri sachiyembekezera: anthu 14 okha ndi amene akubweretsa ndalama zoposa theka. Anthu amenewa sapezeka polengeza pagulu. Amafunika kuwaimbira foni kapena kuwapitira kunyumba, mmodzimmodzi.

Apa ndi pamene mnzake wa banja amaposa banja lenilenilo. Mwamuna wa wodwala sangapite kwa abwana a mnzake kapena kwa mwini golosale amene sanayankhulanepo naye. Ndiponso kudzipemphera wekha kumalemera pakamwa, pamene kupemphera wina kumapepuka. Pempho la pamaso limayenera kukhala lalifupi ndi laulemu, lotchula chiwerengero, ndi losiya mpata wokana: "Bambo, ndabwera ndi nkhani ya mayi aja ndinakuuzani. Tikusowa anthu 4 oti atithandize ndi K100,000 aliyense, ndipo ndinaganiza za inu. Ngati nthawi ino sizitheka, ndimvetsa." Uthenga wotumizidwa kwa anthu 200 nthawi imodzi aliyense amauwerenga n'kuganiza kuti ena 199 aja achitapo kanthu. Munthu amene watchulidwa dzina n'kupemphedwa yekha amayankha, kaya avomere kaya akane.

Dongosolo la kafikiridwe ka anthu lili ndi ntchito yake. Ndi nzeru kuyamba ndi anthu apafupi ndi opereka zambiri aja mwakachetechete, kuti pempho likamafika pagulu likhale litayenda kale. Kulengeza kuti zatsala K700,000 pa K1,800,000 kumakoka anthu kuposa kulengeza tsiku loyamba m'kope mulibe dzina ngakhale limodzi, chifukwa munthu amafuna kuona kuti ndalama yake ikukathandiza kumaliza chinthu chimene chitheke.

Magulu amene alipo kale ndiwo njira yachidule: mphakati, mlaga, amayi a Mvano, a Chigwirizano kapena a Dorika, anthu a kumzikiti, banki mkhonde, anzake a pamsika, anthu amene anaphunzira sukulu imodzi. Gulu lililonse lili ndi mwambo wake, ndipo woikira kumbuyo pempho amayamba waonana ndi wapampando kapena mkulu wa mpingo asanayankhule kwa onse. Mabanki mkhonde ambiri amakhala ndi thumba la zadzidzidzi lopatula pa masheya, ndipo membala kapena banja lake likhoza kuthandizidwa kuchokera mmenemo malinga ndi malamulo a gululo. Pagulu la WhatsApp la kuntchito kapena la anthu a mudzi umodzi, mawu a munthu amene akudziwika pagulupo amalemera kuposa uthenga umene wangotumizidwa kuchokera kwina wopanda mwini. Choncho kungokankhira uthenga wa banja patsogolo osawonjezerapo mawu ako sikuthandiza kwenikweni.

Abale ndi anzawo okhala ku South Africa, ku Ulaya ndi ku America amathandiza kwambiri, ndipo ambiri a ku Joni amatumiza kudzera ku Mukuru. Koma iwowa amalandira mapempho ochuluka, ena onama, ndipo sangathe kupita kukaona wodwala. Kwa iwo pepala la chipatala ndi dzina la munthu wodziwika amene waona ndi maso n'zofunika kuposa kwa wina aliyense. Sibwino kuwayesa nkhokwe yosatha. Ambiri amagwira maganyu olipira pang'ono ndipo ali ndi lendi yawo.

Malire a kulimbikitsa

Pali kusiyana pakati pa kulimbikitsa ndi kukakamiza, ndipo woikira kumbuyo pempho amene mtima wamupweteka amadumpha malirewo mosazindikira. Mawu onga akuti amene sapereka alibe umunthu, kapena akuti mudzabwera ndi nkhata pamaliro pamene lero mukukana K2,000, amamveka kawirikawiri. Dandaulo lake lili ndi choonadi, pakuti anthu amasonkha msanga pamaliro kuposa pamatenda. Koma kunena zimenezi kwa anthu amene ukuwapempha kumawaumitsa mtima, ndipo kumapweteka wodwala amene akumva maliro ake akutchulidwa iye ali moyo. Kutchula mayina a amene sanapereke, kapena kufunsa munthu pagulu kuti bwanji simunatumize, kumabweretsa ndalama zochepa lero n'kuwononga ubale umene banjalo lidzaufunenso mawa. Palibe amene amadziwa za m'thumba la mnzake. Wina amene wangokhala chete akhoza kukhala kuti akudwazika mayi ake kumudzi.

Kukokomeza matenda ndi vuto lina. Kunena kuti akapanda kuchitidwa opaleshoni sabata ino amwalira, pamene dokotala sananene choncho, kumafulumizitsa ndalama koma kumapha chikhulupiriro sabatayo ikadutsa munthu ali moyo. Kulonjeza kuti ndalama zikakwana achira ndi kulakwanso, chifukwa ngakhale dokotala salonjeza zimenezo. Chimene woyankhula angalonjeze ndi chakuti ndalama zidzafika kuchipatala ndipo lisiti lidzaonetsedwa.

Pempho likangotuluka pamabweranso alangizi: wina akudziwa mankhwala azitsamba ochiza chotupa, wina ali ndi mankhwala a m'mabotolo amene amagulitsa, wina akuti ndalamazo zipite kwa wopemphera wina wake. Mnzake wa banja amathandiza poyankha mwaulemu kuti ndalamazi zapemphedwa pa chithandizo chimene madokotala alemba, ndipo sizingasinthidwe njira popanda kuwauza amene anapereka.

Kubweza mawu kwa opereka

Mapempho ambiri amayamba ndi moto, n'kuzirala pakatha masiku ochepa. Chimene chimawadzutsa si kubwereza uthenga womwewo m'mawa uliwonse, koma nkhani yatsopano: tafika pa K1,100,000, dokotala watsimikiza tsiku, dipoziti yalipiridwa ndipo lisiti ndi ili. Uthenga uliwonse wotere umathokoza amene apereka ndipo umakumbutsa amene anaiwala popanda kuwaloza chala. Masiku a malipiro kumapeto kwa mwezi ndi nthawi yabwino yokumbutsa anthu apantchito, monganso nyengo yokolola ndi yogulitsa mbewu kwa alimi.

Amalawi ali kale ndi mwambo wa kuwerengera poyera. Pamaliro chipepeso chimalembedwa m'kope, ndipo mwambo usanathe wina amaimirira n'kulengeza zimene zalandiridwa ndi mmene zagwirira ntchito. Msonkhamsonkha wa matenda umafuna kope lomwelo. Mphamvu ya njira imeneyi inaoneka mu Januwale 2021, pamene Covid-19 inadzaza zipatala ndipo mpweya wothandizira kupuma unkasowa. Mlembi Stanley Onjezani Kenani anatsogolera nzika wamba kusonkha ndalama zogulira zipangizo za m'zipatala, ndipo gululo linkalengeza kawirikawiri ndalama zimene zalowa ndi zimene zagulidwa. Anthu ambiri amene sanakumanepo naye anapereka chifukwa ankaona kumene ndalama zawo zikupita. Pempho la banja limodzi ndi laling'ono poyerekeza ndi limenelo, koma chimene chimapangitsa anthu kupitiriza kupereka n'chomwecho.

Polemba m'kope pali zinthu zing'onozing'ono zimene zimasokoneza chiwerengero zikaiwalika. Kutapa ndalama kwa ejenti ndi kuzisamutsa kuchoka pafoni kupita kubanki kumadya kangachepe, ndipo ndalama zimenezo zilembedwe monga zogwiritsidwa ntchito, apo ayi pamapeto padzaoneka ngati zasowa. Akaunti ya pafoni ili ndi malire a ndalama zimene ingasunge ndi kutumiza patsiku, choncho pempho lalikulu limafuna akaunti ya kubanki, kapena kumakalipira kuchipatala pang'onopang'ono n'kumasunga malisiti. Amene wapempha kuti dzina lake lisatchulidwe alembedwe kuti wakufuna kwabwino, koma ndalama yake ioneke. Mauthenga a pafoni otsimikiza kulandira ndalama asafufutidwe mpaka zonse zitawerengedwa. Ndipo wosunga foni achenjere ndi anthu oimba kuti atumiza ndalama molakwitsa ndipo awabwezere: nambala ikalengezedwa pagulu akuba amaiona nawonso, ndipo choyamba ndi kuyang'ana ndalama zimene zilidi mu akaunti, osadalira uthenga umene walowa.

Zikavuta

Nthawi zina woikira kumbuyo pempho amayamba kuona zizindikiro zosakhala bwino. Chiwerengero chikukwera popanda pepala latsopano la chipatala. Nambala yolandirira yasinthidwa mwadzidzidzi. Tsiku la opaleshoni likungosunthidwa, ndipo akafunsa lisiti akuyankhidwa mokwiya. Chimodzi mwa zimenezi pachokha si umboni wa kuba, chifukwa matenda amasinthadi ndipo banja lodwazika limakhala lotopa ndi losokonezeka. Choyenera ndi kufunsa mwamseri kaye, ndi kupempha kupita limodzi ku ofesi ya zachuma ya chipatala. Ngati mayankho sakumveka, munthuyo asiye kupempha ndipo awauze amene anapereka chifukwa cha mawu ake kuti ayambe aima, osaneneza wina aliyense za kuba popanda umboni. Kupeza ndalama mwachinyengo ndi mlandu pa malamulo a dziko lino ndipo nkhani yotere ikhoza kupita kupolisi, koma kunyoza munthu pagulu ndi nkhani yosatsimikizika kukhozanso kumugwetsa woyankhulayo m'mavuto.

Chofala kuposa chinyengo ndi kusakwana kwa ndalama. Tsiku likayandikira pamene zapezeka K900,000 pa K1,200,000 zija, mnzake wa banja akhoza kuperekeza mwamuna wa wodwala kukakambirana ndi akuluakulu a chipatala ngati angalandire zimene zilipo n'kulola kuti zotsala zilipiridwe pang'onopang'ono. Si zipatala zonse zimavomera, koma kufunsa n'kwabwino kuposa kuthamangira kwa akatapila, amene chiwongoladzanja chawo chimasiya banja pa umphawi wodwala atachira kale. Ndi bwinonso kufunsa dokotala ngati chithandizo chomwecho chingapezeke kuchipatala chachikulu cha boma, ndi kuti kudikira kungawononge chiyani.

Ndalama zikapitirira zimene zimafunika, kapena wodwala akamwalira zisanagwire ntchito, pamabuka funso limene limadanitsa anthu. Njira yopewera mkangano ndi kunena kuyambira pachiyambi chimene chidzachitike ndi zotsala, mwachitsanzo kuti zidzathandiza pa mankhwala ndi maulendo obwerera kuchipatala. Pakagwa zovuta, bilu ya chipatala imakhalapobe ndipo ndiyo yoyamba kulipiridwa. Zotsala pamenepo banja lingathe kugwiritsa ntchito pamaliro kapena pa ana, koma opereka auzidwe, ndipo amene anapereka ndalama zambiri afunsidwe mwachindunji ngati akuvomera. Ndalama zikangokwana, woikira kumbuyo pempho alengeze kuti msonkhamsonkha watsekedwa ndipo anthu asiye kutumiza, chifukwa uthenga wakale umapitiriza kuyenda m'mafoni miyezi yambiri. Chomaliza chimene amapereka kwa onse ndi chiwerengero chathunthu: zimene zinalowa, zimene zinalipiridwa kuchipatala pamodzi ndi malisiti ake, zimene zinapita pa thiransipoti ndi chakudya, zimene zatsala, ndi mmene wodwalayo akupezera malinga ndi zimene mwini wake walola kuti zinenedwe.